Dzanja Lolozera Mtengo

Pa shopu pathu tinkawatchula kuti a Kuseri. Dzinali ndinawapatsa ndine, pakuti pakamwa panga palibe chitseko, ndipo linawakhala chifukwa chibwerereni mayi ameneyu anali asanaimepo pa kauntala. Ine ndimagulitsa kutsogolo, kumene kuli magalasi, zidole zovekedwa madiresi ndi wailesi yosokosera tsiku lonse. Iwo ankakhala kuseri kwa katani, m'kachipinda kopanda zenera, momwe muli tebulo lositirapo, makina osokera, makatoni a katundu watsopano ndi kachitseko kotulukira kukanjira kotayako zinyalala. Ntchito yawo inali kusita zovala zikangotuluka m'katoni, kupinda mathalauza otalika, kubwezera mabatani, ndi kumangirira timapepala ta mitengo.

Anali mayi wamtali, wathupi loti chovala chilichonse chimawakhala, koma woyenda ngati akupepesa pansi. M'mawa ankalowera kukachitseko kakuseri, madzulo n'kutulukiranso komweko. Akamadya ankakhala moyang'ana khomo. Kasitomala wamwamuna akakweza mawu kutsogolo, ayironi inkayamba yaima kaye, mpaka amve kuti mawuwo ndi a munthu wongofuna jekete. Ine poyamba ndinkawaseka. Ndinkati, "Asisi, kodi munaba mbuzi ya ndani?" Iwo ankangomwetulira n'kupitiriza kusita.

Dzanja lawo lamanja linali lolemala zala ziwiri, chaching'ono ndi chinzake choyandikana nacho. Zinapindikira kunja ndipo sizinkapinda. Madamu, eni ake shopu, anauzidwa kuti chinali chitseko cha galimoto, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ine ndinamva zenizeni tsiku lina kukugwa mvula, makasitomala kulibe, tikuthandizana kumangirira mitengo pa masiketi. Anandiuza osandiyang'ana kuti chitseko chinalidi chitseko, koma cha kuchipinda, ndipo anachikankha ndi bambo a mwana wawo, mwadala, atawagwira dzanjalo pafelemu. Anati munthuyo ndi waulemu, wolankhula motsitsa, woti pagulu amakupatsa mpando. Atathawira kwa abale, abale anawabweza. Atathawanso kachiwiri sanauze aliyense, anangonyamula mwana wawo wamkazi n'kukwera basi yopita kutali. Mawu omaliza amene mwamunayo anawauza anali akuti kulikonse angapite adzawapeza, ndipo sadzafulumira.

Chiyambire tsiku limenelo sindinawasekenso za mbuzi.

Koma musaganize kuti anali munthu wongolira. A Kuseri anali ndi mutu, ndipo foni ankaidziwa kuposa tonsefe. Munthu wosapita kokacheza amakhala ndi nthawi, ndiye madzulo ankasewera ndi pulogalamu ija yoti ukailembera mawu imakujambulira chithunzi. Madamu atazindikira zimenezi anasiya kulipira ojambula, n'kuwapatsa foni ya shopu. Kuyambira pamenepo zithunzi zonse zotsatsira malonda zinkachokera kuseri kwa katani, kwa munthu amene makasitomala anali asanamuonepo.

Ine ndinkakonda kuwaonerera akulemba malangizo awo. Ankati pulogalamuyi ili ngati wantchito wakhama koma wosaganiza, chimene sunanene amadzipangira yekha. Ankatchula chilichonse, mitundu, kumene kuwala kukuchokera, mbali imene chovala chiime, ngati chithunzi chikhale chofanana mbali zonse kapena chachitali. Ndipo nthawi zonse ankailetsa kulemba mawu kapena manambala, chifukwa zilembo zake zinkatuluka zopotoka ngati zolemba munthu woledzera. Ankaiuza kuti isiye malo opanda kanthu, ndipo mtengo, dzina la shopu, msewu ndi nambala ya foni ankaziika okha pambuyo pake ndi pulogalamu ina.

Chinthu china tinachiphunzira ndi manyazi. Ulendo woyamba anangolemba kuti jambula madiresi okongola, pulogalamu n'kupeka madiresi ake amene ife tinalibe. Amayi anabwera ndi mafoni m'manja kufuna zovala zimene sizinasokedwepo ndi munthu, ndipo amene anatukwanidwa ndine, woima kutsogolo. Kuchokera apo tinkayamba tajambula chovala chenicheni, n'kupereka chithunzicho kwa pulogalamu, kuti ingosintha zozungulira koma chovala ichisiye momwe chilili.

Chaka chikupita kumapeto, nyengo imene aliyense amafuna kuoneka watsopano, Madamu anabweretsa madiresi ofiira otambalala kumunsi, a masaizi akuluakulu. Anati tichite seli, titsitse mitengo, ndipo diresi limeneli ndilo likhale pachithunzi. Tinaliveka chidole, linangolendewera ngati thumba, pakuti zidole zathu n'zowonda ngati sizidya. Ndinaliyesa ine, linakwekwereza pansi. Madamu anatembenuka n'kuyang'ana a Kuseri kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inu, tavalani tione."

"Ine zithunzi ayi, Madamu."

"Nanga si mumati makinawa amasintha nkhope? Sinthani, muikepo ya munthu wina. Ine ndikufuna diresi lioneke kuti muli munthu."

A Kuseri anandiyang'ana. Ndinaona kuti akuwerengera mumtima, kukana abwana nyengo ya malonda kapena kudalira luso lawo. Pomaliza anavomera, koma anati malangizo alemba okha ndipo chithunzi choyambacho chisatuluke m'foni ya shopu. Madamu anati zimenezo n'zazing'ono.

Ndinawajambula ine, ataima pakhoma loyera la kachipinda koyezera zovala. Madamu ankafuna kuti dzanja limodzi litambasule siketi ya diresi kuti anthu aone kukula kwake, linalo litambasuke chagada, ngati likupereka mtengo kwa woona. Kugwira nsalu kumafuna zala zopinda, ndiye lamanzere ndilo linagwira siketi, lolemala lija n'kukhala lolozera. Ndinawanong'oneza kuti, "Asisi, dzanjatu." Anandiyankha kuti ndisadandaule, lijambulidwa lina.

Malangizo awo ndikuwakumbukira chifukwa anandiwerengera asanatumize. Anati: gwiritsa ntchito chithunzi ichi. Diresi lisasinthe mtundu, kasokedwe kapena kutalika. Nkhope, tsitsi ndi manja ujambule zatsopano, za mayi wina wosiyana ndi uyu, akumwetulira. Kumbuyo kukhale kofiirira mozama, ndi timagetsi tagolide tosaoneka bwinobwino, ndi maliboni obiriwira m'mphepete. Mayiyo aime mbali imodzi, ndipo mbali imene dzanja likuloza pakhale malo aakulu oyera mopepuka, opanda chokongoletsa, oti tidzalembepo mtengo. Usalembe mawu kapena nambala. Chithunzi chikhale chofanana mbali zonse.

Anabwereza kangapo, chifukwa pulogalamuyi siibereka mwana mmodzimodzi kawiri. China chinatuluka ndi maliboni atadzaza pamalo a mtengo, china ndi mkono wautali ngati mpini. Kenako chinabwera chabwino. Diresi linali lathu ndithu, koma munali mayi wina wa nkhope yozungulira ndi mano oyera, dzanja lake losalala, zala zisanu zowongoka. A Kuseri analikulitsa dzanjalo pa foni n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anaika mtengo ndi zilembo zikuluzikulu, pansi pake dzina la shopu, msewu ndi nambala, n'kupereka kwa Madamu.

M'mawa mwake mwana wawo anadzuka akutentha thupi, ndiye anatumiza uthenga kuti ali kuchipatala. Tsiku lomwelo Madamu anatenga foni ya shopu kupita kwa bambo wosindikiza mapositala, kufuna chachikulu choti chimatidwe pagalasi lapakhomo. Ine ndinatsala ndekha ndi khamu la makasitomala. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake kwa Madamu eni ake.

Bambo wosindikizayo anati galasi lathu ndi lalitali, pomwe chithunzi n'chofanana mbali zonse. Akachidula m'mbali adya malo a mtengo, akachikoka mayiyo aoneka ngati nsungwi. Anati njira yabwino n'kuchipanganso chachitali. Malangizo anali momwemo m'foni, chithunzi choyamba chinalinso momwemo, ndiye anangosintha mzere womaliza n'kutumiza. Chinatuluka ndi zala zisanu ndi chimodzi. Anatumizanso, zala zinamatana ngati phazi la bakha. Ulendo wina chala chachikulu chinamera mbali yolakwika. Anthu anali pamzere, Madamu mtima unayamba kutentha, ndipo bamboyo anati matenda amenewa amawadziwa, mankhwala ake n'kuiuza pulogalamu kuti manja isawakhudze, iwasiye monga alili pachithunzi choyamba. Anafufuta mawu akuti manja pamzere wa zosintha, n'kuwonjezera mzere wakewo.

Chinatuluka chokongola kuposa choyamba. Madamu anawerenga zala, zinali zisanu. Anaona kuti ziwiri n'zopindika, koma kwa iwo chinali chitseko cha galimoto basi, ndipo anati bola ndi dzanja la munthu. Bamboyo anachikulitsa kuti chisaoneke madontho akachisindikiza, anaikanso mtengo, msewu ndi nambala. Madamu anachikonda kwambiri moti anachiika pa sitetasi, anachitumiza m'magulu onse a azimayi amene ali m'foni mwawo, analipiranso kuti chifalitsidwe pa intaneti mpaka m'matauni ena. Ankati nyengo ino anthu amayenda, wina angadzere kwathu.

Ine ndinachiona chikumatidwa pagalasi dzuwa litapendeka. Ndinayamba ndasangalala ndi mitundu, kufiira kuja, timagetsi tagolide. Kenako maso anga anapita kumene maso a munthu aliyense amapita, pamtengo. Pansi pa nambala yomweyo panali dzanja la a Kuseri, lalikulu ngati mbale, zala ziwiri zitapindikira kunja. Nkhope inali ya mlendo, koma dzanjalo aliyense amene anadyapo nawo mbale imodzi akanalidziwa, ndipo munsi mwake tinalembamo msewu wathu.

Ndinafuna kuchikanganula pomwepo, koma ndikanawauza chiyani Madamu? Chinsinsi sichinali changa. Ndinaimbira a Kuseri, foni yawo inali yozima. Ndinagulitsa madzulo amenewo ngati munthu wogona, mpaka ndinapatsa mayi wina bulauzi ya mwini wake.

Anafika m'mawa kudzera kukachitseko kawo, ndipo ndinawadikira komweko. Sindinadziwe poyambira, ndinangowapatsa foni yanga. Anayang'ana, n'kukhala pansi pakatoni. Sanalire. Anabisa dzanja lawo m'khwapa, ngati kuti kulibisa pano kungalichotse pachithunzi.

"Chapita kuti ndi kuti?"

"Paliponse, asisi. Analipira."

"Kuyambira liti?"

"Dzulo masana."

Kenako anati, "Alongo ake a bambo uja ali m'magulu onse a zovala. Sagula, amangoona."

Madamu atafika, a Kuseri anawauza okha, mwachidule, ataima pafupi ndi tebulo lositira. Ndikuuzeni, Madamu ndi munthu waphokoso, wokonda ndalama ngati tonsefe, koma si woipa mtima. Anagwira pakamwa, misozi n'kutsika. Ankangoti, "Bwanji simunandiuze, mwana wa amayi, bwanji simunandiuze." Anathamanga okha kukakanganula positala, anafufuta sitetasi, anaimitsa zolipira zija, anafufutanso m'magulu momwe zinkatheka. Koma madzi akatayika saoleka. Anthu anali atachisunga kale, atatumizirana, ena ataika pa masitetasi awo kufunsa anzawo ngati diresi likuwakhala. Tsiku lomwelo mlamu wanga wa kutauni ina ananditumizira chithunzi chomwecho, kundifunsa ngati ndingamusungire limodzi.

A Kuseri anakonza china, chachitali, cha manja atsopano, anabwereza mpaka zala zinakhala bwino, ndipo chimenecho ndicho chinabwerera pagalasi. Madamu anawaperekeza kupolisi kukanena. Kumeneko analemba, n'kuwauza kuti munthuyo akaoneka aimbe. Tinauzanso mlonda wa pamzere wa mashopu athu, koma tinalibe chithunzi cha mwamunayo choti timuonetse, chifukwa a Kuseri pothawa sanatenge chilichonse chokhala ndi nkhope yake. Anangotiuza kuti ndi wamfupi, woyera m'maso, wovala malaya opisira, ndipo amayamba chiganizo chilichonse ndi pepani.

Mukudziwa kuchuluka kwa amuna aafupi opisira malaya amene amalowa mu shopu ya zovala kumapeto kwa chaka? Ndinaonda masiku amenewo. Aliyense wonena pepani, ine mtima phaa. Foni ya shopu ikalira ndinkayamba ndaiyang'ana ngati njoka. Ambiri ankafunsa saizi, ena ngati mtengo ungatsikenso. Koma kunali nambala ina imene inkaimba, ndikayankha kumangomveka mpweya wa munthu ndi phokoso la msewu, kenako n'kudula. Mwina anali mwana woseweretsa foni, mwina netiweki. Sindinawauze a Kuseri, koma iwo ankamva kuseri kwa katani kuti ndanena halo kangapo popanda chotsatira, ndipo ayironi inkaima.

Chomvetsa chisoni n'choti seli inayenda kuposa zaka zonse. Madiresi ofiira ankatuluka ngati akugawidwa ulere. Madamu ankalandira ndalama nkhope ili pansi, osaimba nyimbo zawo za masiku onse. A Kuseri anasiya kudya masana. Anayamba kusintha njira yopitira kunyumba, anauza aphunzitsi kuti mwana asaperekedwe kwa wina aliyense, ndipo pansi pa tebulo lositira panayamba kukhala chikwama chimene kale sichinkabwera kuntchito. Ndinawafunsa kuti bwanji osangochoka msanga. Anati, "Asisi, ndatopa n'kuyamba. Mwana wazolowera sukulu, ali ndi anzake. Mwina sanachione." Ndinavomereza kuti mwina sanachionedi, ngakhale mumtima sindinkakhulupirira.

Masiku anapita, mantha n'kuyamba kuphwa pang'ono. Nambala ija inasiya kuimba. Tsiku lina ndinawamva a Kuseri akung'ung'udza nyimbo ya pa wailesi, ndipo ndinati mwina tapulumuka.

Munthu uja anabwera masana, dzuwa lili pamutu, shopu itadzaza. Madamu anali atapita kukatenga katundu. Ine ndinali kukangana ndi mayi wina wofuna kubweza siketi ataivala kale ku ukwati, ndiye sindinamuone akulowa. Ndinangomva mawu ofatsa pambali panga.

"Pepani, mayi, mukamaliza mundithandizeko."

Ndinatembenuka. Wamfupi, malaya oyera opisira bwino, nsapato zopukutidwa, kumwetulira kwa munthu wa kutchalitchi. Kuseri kwa katani makina osokera anali akulira, ndipo anaima pakati pa msoko.

Anatulutsa foni n'kundionetsa. Chinali chithunzi chakale chija tinakanganula, osati chimene chinali pagalasi.

"Pepani, diresi ili lilipo?"

"Latsala limodzi limodzi, bambo."

"Ndikufuna saizi ya amene avala apawa."

"Ameneyo si munthu, bambo. Ndi makina anajambula. Masiku ano zithunzi amangopanga pa foni."

"Ndamva amatero," anayankha akugwedeza mutu mwaulemu. Anaika zala ziwiri pa foni n'kukulitsa chithunzicho pang'onopang'ono, mpaka nkhope inachoka, diresi linachoka, mtengo unachoka, panatsala dzanja lokha. Analiyang'ana ngati munthu woyang'ana katundu wake amene anabwereketsa. "Makinawa ndi aluso ndithu."

Sanafunse za munthu aliyense. Anapita yekha pamene panapachikidwa madiresi ofiira, anawasuntha limodzi limodzi akuwerenga timapepala ta m'khosi, n'kutulutsa saizi yeniyeni ya a Kuseri. Pobwera nalo anaima pafupi ndi katani, pafupi kwambiri moti phewa lake linaikhudza. Anaima pamenepo akuyang'ana mathalauza amene sankawafuna. Ndinaganiza zokuwa, koma ndikanakuwa kuti chiyani? Munthu sanatukwane, sanagwire aliyense, wangobwera kudzagula diresi. Foni ya shopu inali patsogolo panga, koma maso ake sankachoka pa ine nthawi yaitali.

Analipira, ndinalipinda diresi, ndinaliika m'jumbo. Sanalitenge. Analikankhira kwa ine.

"Pepani, mundisungire. Mwini wake alipeza pompano. Mumuuze kuti kufiira kumamukhala." Anafika pakhomo n'kutembenuka. "Ndi mwana yemwe mumupatse moni. Yunifolomu ya buluu ija ikumukhala bwino, wakula."

Anatuluka, n'kupatsa moni mlonda.

Ndinasiya makasitomala ali chiimire n'kulowa kuseri. A Kuseri anali atatsamira khoma pafupi ndi kachitseko, atanyamula sizasi yaikulu yodulira nsalu, maso ali gwa pa katani. Anamva zonse. Mawu oyamba amene ananena anali akuti, "Sukulu." Ndinauza mlonda kuti ayang'ane shopu, ndinaimba kupolisi tikuthamanga, tinadzera kanjira ka zinyalala n'kukwera njinga zamoto ziwiri. Njira yonse ndinkapemphera mokweza, woyendetsa mpaka anandifunsa ngati kwagwa maliro.

Mwana tinamupeza ali m'kalasi, akukopera za pabolodi. Aphunzitsi anati palibe amene anabwera kudzamufunsa, kungoti masiku angapo apitawo bambo wina ankaima kutsidya kwa msewu nthawi yoweruka, ndipo iwo ankayesa kholo. A Kuseri anamugwira mwanayo mwamphamvu mpaka anadandaula kuti akumupweteka.

Apolisi anafika ku shopu munthu atapita kalekale. Anafunsa ngati anaopseza wina aliyense, ndipo nditabwereza mawu ake ndinamva ndekha kuti akumveka ngati moni. Anati ayang'ana. Madamu anati a Kuseri akakhale kunyumba kwawo, kuli mpanda ndi agalu. Ine ndinati abwere kwathu, tipanikizana. Anatithokoza tonse, n'kupukusa mutu. Anati munthu amene wadziwa sukulu wadziwanso nyumba, ndipo sakufuna kuti tsiku lina adzaime pakhomo pa ine kapena pa Madamu n'kunena pepani.

Kunyumba kwawo sanabwerereko. Ndiwo zimene anasiya pamoto wozima, mabulangete, mbale, zonse zinatsala momwemo. Madamu anawapatsa malipiro awo ndi zina pamwamba, n'kuwatengera pa galimoto mpaka kokwerera mabasi, mwana atagona pampando wakumbuyo kuti asaoneke. Ine ndinakhala kutsogolo, khosi likupweteka ndi kucheuka. Galimoto iliyonse yotitsatira inkaoneka ngati yake.

Pamalo okwerera mabasi panali anthu ngati nyerere, aliyense ndi katundu wa kumapeto kwa chaka. A Kuseri anatiuza kuti titsalire pageti, tisalowe nawo. Madamu anatsala m'galimoto akulira. Ine ndinakana, ndinawanyamulira chikwama mpaka mkati, koma titafika pamene mabasi amayambira kuima m'mizere anandilanda.

"Bwererani apa, asisi."

"Ndingoona basi imene mukwere."

"Ayi."

"Nanga ndidzakupezani bwanji? Ndine wanu ine, sindingauze munthu."

"Ndikudziwa simungauze. Koma adzabweranso, ndipo adzakufunsani mwaulemu. Ndikufuna mukamadzati sindikudziwa, zidzakhale zoona, chifukwa iye bodza amaliona pankhope."

Anachotsa simu khadi m'foni yawo ine ndikuona, n'kuithyola ndi mano. Mwana anandifunsa ngati mawa apita kusukulu, pakuti anali ndi mayeso ojambula. Mayi ake anamugwira dzanja n'kundiuza kuti nditembenuke ndiyang'ane kugeti, ndisacheuke mpaka ndikafike pa galimoto. Ndinachita monga ananenera. Ndinayenda ndikulira ngati mwana, anthu akundigunda ndi zikwama, ndipo sindinacheuke.

Anabweradi, sabata yotsatira, nthawi yomweyo ya masana, malaya opisira. Anafunsa ngati mwini diresi analandira katundu wake. Ndinati anachoka. Anandifunsa kuti anapita kuti, ndipo ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti sindikudziwa. Anandiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kumwetulira kuja kukuzimiririka pang'onopang'ono, mpaka anaona kuti ndikunena zoona. Ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati anafika, ngati mwana anapeza sukulu, ngati ali moyo.